Chimandarini kapena Chikantoni: kusiyana kwa katchulidwe ndi mawu kwa amene akufuna kuphunzira

Tiyambe ndi chiganizo chapamsika chonena kuti "ndikufuna kugula nkhuku zitatu". Munthu wa ku Beijing ndi munthu wa ku Hong Kong angathe kuchilemba ndi zilembo zisanu ndi chimodzi zofanana, 我要買三隻雞, koma akachitchula pakamwa sangamvane. Wa ku Beijing, amene amalankhula Chimandarini, adzati wǒ yào mǎi sān zhī jī. Wa ku Hong Kong, m'Chikantoni, adzati ngo5 jiu3 maai5 saam1 zek3 gai1. Mawu onse asanu ndi limodziwo ndi apachibale ndipo anachokera ku gwero limodzi zaka mazana ambiri zapitazo, koma lero akumveka mosiyana kwambiri moti amene akudziwa chimodzi chokha satolapo kanthu pa chinacho. Chiganizochi chili ndi pafupifupi zonse zimene zimavutitsa ophunzira, choncho tizibwerera kwa icho kawirikawiri.

Kalembedwe ka mawu a wa ku Beijing aja ndi Pinyin, kamene boma la China linavomereza mu 1958, ndipo timizere tapamwamba pa malembo timasonyeza mngoli, kutanthauza kakwezedwe kapena katsitsidwe ka liwu. Ka mawu a wa ku Hong Kong ndi Jyutping, kamene akatswiri a zilankhulo a ku Hong Kong anakonza mu 1993, ndipo mngoli umasonyezedwa ndi nambala kumapeto kwa phatikizo. Mu Jyutping lembo la j limawerengedwa ngati y wa m'mawu oti "yankha", choncho jiu3 amayamba ngati "yi". Mabuku akale a Chikantoni amagwiritsa ntchito kalembedwe kena kotchedwa Yale, ndipo wophunzira akasakaniza awiriwa amasokonezeka sabata yoyamba yomwe.

Mingoli: inayi kapena isanu ndi umodzi

Nkhani ya mngoli si yachilendo kwa wolankhula Chichewa, ngakhale sitiilemba. "Mtengo" womera m'thengo ndi "mtengo" wa katundu pamsika amasiyana ndi kakwezedwe ka liwu basi. Koma Chichewa chili ndi mingoli iwiri, wokweza ndi wotsitsa, ndipo ukalakwitsa nthawi zambiri womvera amakumvabe. M'zilankhulo za ku China phatikizo lililonse lili ndi mngoli wake, ndipo ukausintha watchula mawu ena.

Akatswiri amayeza liwu pa makwerero asanu, 1 pansi penipeni, 5 pamwamba penipeni. Chimandarini chili ndi mingoli inayi. Woyamba umakhala pamwamba osasuntha, 55, ngati mā, mayi. Wachiwiri umakwera kuchoka pa 3 kufika pa 5, ngati má, chomera cha ulusi. Wachitatu umatsika n'kukweranso, 214, ngati mǎ, hatchi. Wachinayi umagwa kuchoka pa 5 kufika pa 1, ngati mà, kukalipira. Palinso maphatikizo ena opepuka amene amatchulidwa mwachidule opanda mngoli wawowawo. Mingoli inayiyi ili ndi maonekedwe osiyana: wina wowongoka, wina wokwera, wina wolowa m'dzenje, wina wogwa. Khutu siliyenera kudziwa ngati wolankhulayo ali ndi liwu lalikulu kapena laling'ono, chifukwa likungotsata kumene liwulo likupita.

Vuto la Chimandarini lili pa mngoli wachitatu, umene umasintha malinga ndi mnansi wake. Ukatsatiridwa ndi wachitatu unzake, woyambayo umasanduka wachiwiri, n'chifukwa chake moni wolembedwa nǐ hǎo amatchulidwa ní hǎo. Ukatsatiridwa ndi mngoli wina uliwonse umangotsika n'kukhala pansi, osakweranso. M'chiganizo chathu chija, wǒ ndi mǎi onse amatchulidwa motero, pansi basi. Wophunzira amene amawakweza kumapeto ngati mmene anaonera pa chithunzi cha m'buku amalankhula mododoma, ndipo mǎi wakeyo amamveka ngati mái, kukwirira.

Chikantoni chili ndi mingoli isanu ndi umodzi, ndipo chovuta si nambalayo ayi. Onani phatikizo loti si. Likakhala si1 ndi ndakatulo, liwu lili pamwamba, 55. Likakhala si2 ndi mbiri yakale, liwu likukwera mpaka pamwamba, 25. Pa si3, kuyesa, liwu lili pakati osasuntha, 33. Pa si4, nthawi, lili pansi ndipo likutsikirabe, 21. Pa si5, msika, likukwera pang'ono chabe, 23. Pa si6, nkhani, lili m'munsi osasuntha, 22. Mukayang'ana manambalawa muona kuti mingoli itatu ndi yowongoka, yosiyana msinkhu wokha, ndipo iwiri ndi yokwera, yoyambira malo amodzi. Pakati pa si3 ndi si6 pali khwerero limodzi lokha. Kuti muwasiyanitse muyenera kudziwa kaye pamene liwu la munthuyo limayambira ndi pamene limathera, chifukwa 22 ya mayi wa liwu lakuthwa ingathe kukhala pamwamba kuposa 33 ya bambo wa liwu lalikulu. Mingoli inayi mwa isanu ndi umodziyo yapanikizana m'munsi, pakati pa 1 ndi 3, ndipo m'menemo ndi mmene ophunzira ambiri amatayikira.

Mawu a kugula ndi kugulitsa akusonyeza bwino kusiyanaku. M'Chimandarini kugula ndi mǎi, pansi, ndipo kugulitsa ndi mài, kugwa kuchokera pamwamba. Palibe angawasokoneze. M'Chikantoni kugula ndi maai5, 23, ndipo kugulitsa ndi maai6, 22. Onse amayambira pamodzi, ndipo akusiyana ndi kakwezedwe kochepa kumapeto. Mukalephera kukweza, chiganizo chathu chija chasanduka "ndikufuna kugulitsa nkhuku zitatu".

Mukamva wina akunena kuti Chikantoni chili ndi mingoli 9 musachite mantha. Itatu yowonjezerayo ndi yomwe ija, 1, 3 ndi 6, koma pa maphatikizo aafupi othera ndi p, t kapena k, amene akatswiri akale ankawawerenga paokha. Komanso Chikantoni chilibe lamulo lokhazikika losintha mngoli chifukwa cha mnansi ngati lija la nǐ hǎo, ngakhale mawu ena amasintha mngoli akalowa m'mawu ophatikizana, ndipo amenewo amangofunika kuloweza.

Kumutu ndi kumchira kwa phatikizo

Pano pali chinthu chimene wolankhula Chichewa amayamba ali patsogolo. Timasiyanitsa "pala" ndi "phala", "kola" ndi "khola", potulutsa mpweya kapena kusatulutsa. Zilankhulo zonse ziwiri za ku China zimachita chimodzimodzi. Malembo b, d, g a mu Pinyin ndi mu Jyutping ndi p, t, k athu, ndipo p, t, k awo ndi ph, th, kh athu. Choncho bā, kutanthauza 8, amatchulidwa "pa", osati ndi b wa "bambo", ndipo gai1, nkhuku, amayamba ndi k wa "kola".

Chimandarini chimavuta kumutu kwa phatikizo. Chili ndi magulu atatu a maliwu amene kwa khutu losazolowera amamveka ngati amodzi. Gulu loyamba ndi z, c, s, nsonga ya lilime ili kuseri kwa mano, ngati ts wa "tsiku". Lachiwiri ndi j, q, x: nsonga ya lilime imakhala pansi kuseri kwa mano am'munsi, pakati pa lilime n'kukwera, ndipo j ndi q ali pafupi ndi ch ndi tch athu. Lachitatu ndi zh, ch, sh, r, pamene nsonga ya lilime imapindikira m'mwamba kuseri kwa nkhama. M'chiganizo chathu zhī ndi jī aima moyandikana, sān zhī jī, ndipo woyamba kumene amawatchula onse "chi chi". Kusiyana kwawo sikuli pa liwu loyamba lokha. Lembo la i mu jī ndi i wathu weniweni, koma mu zhī si i konse: lilime limangokhala pomwepo lopindika, liwu n'kumangolira. Amene wagwira mfundo imeneyi wathetsa theka la vutoli. Komanso r wa Chimandarini sayenera kusakanizidwa ndi l monga timachitira m'Chichewa, chifukwa rè ndi kutentha pamene lè ndi chisangalalo.

Chikantoni chili ndi gulu limodzi lokha la z, c, s, ndipo chilibe r. Kumutu n'chosavuta, ndipo chili ndi maliwu awiri amene azungu amalimbana nawo koma ife tinabadwa nawo. Mawu oti ngo5, ine, amayamba ndi ng' wa "ng'oma", ndipo ng'ombe m'Chikantoni ndi ngau4, ndi liwu lomwelo loyambira. Mawu okanira, m4, ndi m woima payekha ngati wa mu "m'nyumba". Ku Hong Kong mudzamva achinyamata ambiri akuchotsa ng' uja n'kumati o5, komanso kutchula nei5, iwe, ngati lei5. Aphunzitsi amakatcha katchulidwe kaulesi, koma kali ponseponse ndipo khutu liyenera kukazolowera.

Kumchira kwa phatikizo n'kumene Chikantoni chimalipiritsa. Phatikizo la Chimandarini limathera ndi lembo la liwu, kapena n, kapena ng, kuwonjezapo r amene anthu a ku Beijing amakonda kumata kumapeto. La Chikantoni lingathere ndi m, n, ng, p, t kapena k. Manambala akusonyeza bwino: 1 ndi yī m'Chimandarini koma jat1 m'Chikantoni, 6 ndi liù koma luk6, 10 ndi shí koma sap6, 3 ndi sān koma saam1. Chikantoni chinasunga michira imene Chitchaina chakale chinali nayo, pamene Chimandarini chinataya p, t ndi k, ndipo m anasanduka n.

Michira imeneyi siphulika. Potchula sap6 milomo imatsekeka n'kukhala yotseka, mpweya osatuluka. Apa pakamwa pa Mchewa pamafuna kuchita zimene panazolowera, kumaliza phatikizo ndi lembo la liwu, monga tinachitira popanga mawu oti buku, kapu ndi sopo. Ndiye sap6 amasanduka "sapu", zek3 wa m'chiganizo chathu amasanduka "zeki", ndipo womvera amamva maphatikizo awiri, lachiwirilo lili ndi mngoli wake, n'kuyamba kufunafuna mawu amene kulibe. Njira yake ndi kuyamba kutchula "kapu" n'kuima milomo ikangokumana, kapena kuyamba "buku" n'kuima kumbuyo kwa lilime kukangogunda m'mwamba. Kutchula sikuchedwa kutheka. Chimene chimatenga miyezi ndi kumva, chifukwa baat3, kutanthauza 8, ndi baak3, kutanthauza 100, akusiyana ndi kutseka kopanda phokoso, ndipo pa mtengo wa katundu kusiyana kumeneko ndi kwakukulu.

Palinso kutalika kwa liwu, kumene Chimandarini chilibe. Jyutping imalemba aa wautali ndi a waufupi, wotchulidwa pakamwa potseka pang'ono. Saam1 ndi 3 koma sam1 ndi mtima. Gai1 ndi nkhuku koma gaai1 ndi msewu. Choncho m'chiganizo cha mawu asanu ndi limodzi, wophunzira Chikantoni angapunthwe malo anayi: kugulitsa m'malo mogula, mtima m'malo mwa zitatu, "zeki", ndi msewu m'malo mwa nkhuku. Wophunzira Chimandarini ali ndi malo awiri kapena atatu. Zonse ziwiri zili ndi liwu la ü, lotchulidwa ngati i koma milomo ili yozungulira ngati potchula u, monga m'mawu a nsomba, yú ndi jyu4. Chikantoni chimawonjezera maliwu ena a milomo yozungulira monga oe wa mu Hoeng1 gong2, dzina la Hong Kong.

Mawu a tsiku ndi tsiku ndiwo amasiyana kwambiri

Chiganizo cha nkhuku chingapereke chithunzi chakuti mawu ndi amodzi ndipo changosiyana ndi katchulidwe. Yesani china: "iye kulibe kunyumba". M'Chimandarini ndi tā bú zài jiā, 他不在家. M'Chikantoni ndi keoi5 m4 hai2 uk1 kei2, 佢唔喺屋企. Palibe liwu limodzi lofanana, ndipo ngakhale zilembo ndi zina.

Mawu a sukulu, a boma ndi a zachuma amayendera limodzi: yunivesite ndi dàxué ndi daai6 hok6, banki ndi yínháng ndi ngan4 hong4, foni ndi diànhuà ndi din6 waa2. Amene amasiyana ndi mawu otuluka pakamwa kambirimbiri patsiku. Kudya ndi chī m'Chimandarini koma sik6 m'Chikantoni, kumwa ndi hē koma jam2, kuyang'ana ndi kàn koma tai2, ndipo "palibe" ndi méiyǒu koma mou5. Ena mwa mawu a Chikantoniwa ndi akale amene Chimandarini chinawasiya m'mabuku. Ena amapusitsa chifukwa chilembo ndi chimodzi: 走 ndi kuyenda pansi kapena kuchoka m'Chimandarini, koma m'Chikantoni ndi kuchoka, ndipo kuyenda pansi ndi haang4.

Kuthokoza nakonso kuli ndi msampha. Chimandarini chili ndi xièxie wogwira paliponse. Chikantoni chimagawa pawiri: m4 goi1 ndi wothokoza pa thandizo, monga wina akakutsegulirani chitseko kapena akakubweretserani tiyi, ndipo ndi mawu omwewo oitanira wogulitsa, pamene do1 ze6 ndi wothokoza pa mphatso kapena mukayamikiridwa. Ulamuliro wa Britain ku Hong Kong, umene unatha mu 1997, unasiyanso mawu obwereka ofanana ndi athu. Basi ndi baa1 si2, kagolosale ndi si6 do1, kuchokera ku mawu omwe anatipatsa "sitolo". Chimandarini chimakonda kumanga mawu ndi zake zomwe, ndipo basi ndi gōnggòng qìchē, galimoto ya anthu onse.

Kasanjidwe ka mawu kamafanana kwambiri, koma pamene kasiyana, Chikantoni nthawi zina chimayenda ngati Chichewa. "Ndine wamtali kuposa iwe" ndi ngo5 gou1 gwo3 nei5, liwu ndi liwu ine, wamtali, kuposa, iwe. Chimandarini chimati wǒ bǐ nǐ gāo, ine, poyerekeza ndi iwe, wamtali. Chikantoni chilinso ndi timawu tambiri takumapeto kwa chiganizo, monga aa3, laa1, wo3, me1 ndi ze1, tosonyeza kudabwa, kunyengerera kapena kuchepetsa nkhani, ntchito yofanana ndi ya "-tu" kapena "basi" m'Chichewa. Chimandarini chili nato tochepa. Wolankhula Chikantoni chopanda timawuti amamveka wouma ngati akuwerenga chikalata.

Chovuta chachikulu chili pa kulemba. Nyuzipepala, mabuku a sukulu ndi makalata a boma ku Hong Kong amalembedwa m'Chitchaina chovomerezeka, chimene mawu ake ndi kasanjidwe kake ndi ka Chimandarini. Mwana wa kumeneko akaona 他不在家 amawerenga mokweza kuti taa1 bat1 zoi6 gaa1, ndi katchulidwe ka Chikantoni, koma pocheza palibe amalankhula choncho. Ndiye wophunzira Chikantoni amene akufunanso kuwerenga ayenera kusenza mawu awiri pa chinthu chimodzi, lapakamwa ndi lapapepala. Chikantoni chapakamwa chimalembedwa ndithu, pa mauthenga a pafoni, pa zotsatsa malonda ndi m'timabuku tazithunzi, koma sichikwanira kuwerengera kalata ya kubanki. Wophunzira Chimandarini amalemba pafupifupi zomwe amalankhula. Nkhani ya zilembo zakale ndi zilembo zofupikitsidwa, zimene China inayamba kugwiritsa ntchito mu 1956, ndi ina: imatengera dera osati chilankhulo. Ku Taiwan amalankhula Chimandarini ndi zilembo zakale, ku Guangzhou amalankhula Chikantoni koma sukulu imaphunzitsa zofupikitsidwa, ndipo Hong Kong ndi Macau amalemba zakale.

Tsono musankhe chiti

Funso loyamba si lakuti chosavuta ndi chiti, koma lakuti mudzalankhula ndi ndani. Chimandarini ndi chilankhulo cha boma ndi cha sukulu ku China ndi ku Taiwan, komanso chimodzi mwa zilankhulo zinayi za boma ku Singapore. Anthu obadwa nacho amaposa 900 miliyoni, pamene a Chikantoni ali m'ma 80 miliyoni. Mayeso a HSK, amene mayunivesite a ku China amafuna, ndi a Chimandarini, ndipo malo a Confucius Institute, monga amene ali pansi pa Yunivesite ya Malawi ndi ya Zambia, amaphunzitsa chomwecho.

Ochita malonda ambiri amaganiza kuti poti amakagula katundu ku Guangzhou, kwawo kwa Chikantoni, ndiye aphunzire Chikantoni. Kawirikawiri kumeneko ndi kulakwitsa. M'misika yapikulitsa ya mumzindawo ogulitsa ambiri anachokera m'zigawo zina za China, ndipo chowalumikiza onse, kuphatikizapo eni mzinda, ndi Chimandarini. Ku Shenzhen ndi ku Yiwu, mizinda ina ya malonda ku China, ndiye nkhani yake ndi yosachita kufunsa. Chofunika kudziwa n'chakuti anthu ambiri akummwera sapinda lilime, ndipo sh amamutchula ngati s. Ndiye shí, 10, ndi sì, 4, amasiyana ndi mngoli wokha, wina wokwera wina wogwa, ndipo 14, shísì, ndi 40, sìshí, angakusokonezeni pa mtengo. Ogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amalemba nambala pa kakyuleta n'kukuonetsani.

Chikantoni ndi chanu ngati moyo wanu ukuloza ku Hong Kong kapena ku Macau, ngati mwalowa m'banja lolankhula chimenecho, kapena ngati muli ku Britain ndipo anansi kapena okalamba amene mumawasamalira anachokera ku Hong Kong, monga ambiri amene akhala akusamukira kumeneko kuyambira 2021. Ku Hong Kong ambiri amamva Chimandarini, koma si chilankhulo cha pakhomo kapena chochezera, ndipo mlendo woyesetsa Chikantoni amalandiridwa mwa mtundu wina.

Kwa amene akufuna zonse ziwiri, musaziyambe nthawi imodzi, chifukwa mingoli imalowerana: mngoli wachinayi wa Chimandarini umagwa kuchokera pamwamba pamene wachinayi wa Chikantoni uli pansi penipeni. Pa katchulidwe, kuchoka ku Chikantoni kupita ku Chimandarini n'kutsetsereka, popeza nthawi zambiri mukungodula michira. Kubwerera n'chikweza. Phatikizo limodzi la Chimandarini, shí, limaimira 十, khumi, 實, chenicheni, 食, chakudya, 石, mwala, ndi 時, nthawi, amene m'Chikantoni ndi sap6, sat6, sik6, sek6 ndi si4, ndipo mu shí mulibe chimene chingakuuzeni mchira woyenera. Koma pa kuwerenga ndi pa zipangizo zophunzirira, kuyamba ndi Chimandarini kuli ndi phindu, chifukwa mumakhala mwadziwiratu Chitchaina cholembedwa, ndipo mabuku ndi aphunzitsi ake amapezeka mosavuta. Mukadzafika pa Chikantoni mudzatsala ndi mawu apakamwa aja, michira isanu ndi umodzi, ndi mingoli inayi ya m'munsi, imene ndi bwino kuiyeserera iwiriiwiri, maai5 ndi maai6, si3 ndi si6, mukumvetsera liwu la munthu mmodzi kwa masabata angapo musanayambe kumvetsera anthu osiyanasiyana.